Mwana wobadwa pa 31 Januwale amakwanitsa mwezi liti?

Ukafunsa munthu msinkhu wake, amangochotsera chaka chobadwa ku chaka chino n'kuyankha. Pocheza zimenezo n'zokwanira. Koma pa fomu yofuna zaka, miyezi ndi masiku, kapena pamene malamulo aika malire, monga zaka 16 zotengera chiphaso cha unzika ku Malawi kapena zaka 18 zovotera, tsiku limodzi lokha limasintha yankho. Chimavutitsa n'chakuti miyezi sifanana kutalika: ina ili ndi masiku 31, ina 30, ndipo Febuluwale ali ndi 28 kapena 29.

Njira yosasokoneza ndi yoyenda kuchokera pa tsiku lobadwa kupita kutsogolo. Mumayamba ndi zaka zathunthu, kenako miyezi yathunthu, ndipo masiku amabwera pomalizira. Tsiku lobadwa lenilenilo siliwerengedwa, chifukwa mwana wobadwa lero amakwanitsa tsiku limodzi mawa.

Tiyerekeze kuti mtsikana anabadwa pa 18 Okutobala 2009, ndipo tikufuna msinkhu wake pa 5 Malichi 2025. Tsiku lake lobadwa lomwe ladutsa posachedwa ndi 18 Okutobala 2024, pamene anakwanitsa zaka 15. Kuchokera pamenepo tidumphe mwezi ndi mwezi, kugwera pa deti lomwelo: 18 Novembala, 18 Disembala, 18 Januwale, 18 Febuluwale. Yakwana miyezi 4, ndipo tiimire pompo poti 18 Malichi sanafike. Kuchokera pa 18 Febuluwale kufika pa 28 ndi masiku 10, tikaphatikiza 5 a Malichi akhala 15. Mtsikanayu ali ndi zaka 15, miyezi 4 ndi masiku 15.

Amene anazolowera samu yochotsera ya kusukulu amalemba madeti awiriwo, lina pamwamba lina pansi, n'kumabwereka. 5 kuchotsa 18 sizitheka, choncho amabwereka mwezi umodzi n'kuusandutsa masiku. Ambiri amagwera pamenepa, chifukwa amangoti mwezi ndi masiku 30 n'kupeza 17. Mwezi wobwerekawo ndi umene wangotha kumene, ndipo pano ndi Febuluwale wa 2025 wa masiku 28. 28 kuphatikiza 5 ndi 33, kuchotsa 18 kutsala 15, monga tinapezera poyamba.

Njira yobwerekayi imayenda bwino mpaka itakumana ndi munthu wobadwa kumapeto kwa mwezi. Tengani mwana wobadwa pa 31 Januwale 2023, mufune msinkhu wake pa 1 Malichi chaka chomwecho. Mubwereka masiku 28 a Febuluwale, muphatikiza 1, mupeza 29. Tsono 29 kuchotsa 31 sizithekabe, ngakhale mwabwereka kale. Samu yakana chifukwa ikufunafuna 31 Febuluwale, tsiku lomwe kulibe pa kalendala.

Pamenepa masamu paokha alibe yankho, anthu ndiwo amagwirizana. Ambiri amati ngati mwezi ulibe deti lobadwalo, mwezi wakwanira pa tsiku lake lomaliza. Ndiye kuti mwana uja anakwanitsa mwezi umodzi pa 28 Febuluwale, ndipo pa 1 Malichi anali ndi mwezi umodzi ndi tsiku limodzi. Ena amati ayi, mwezi wakwanira pamene Febuluwale watheratu, kotero pa 1 Malichi mwanayo ali ndi mwezi umodzi ndendende. Ine ndimakonda njira yoyambayo, chifukwa mwezi uliwonse umakhala ndi tsiku lake lokwanitsira mkati mwake, osalumphira m'mwezi wotsatira. Koma chachikulu n'kusankha imodzi n'kuigwiritsitsa, makamaka ngati mukulemba kaundula wa ana ambiri.

Njira yoyambayo ili ndi chodabwitsa chake. Ana anayi obadwa pa 28, 29, 30 ndi 31 Januwale 2023 onse anakwanitsa mwezi tsiku limodzi, pa 28 Febuluwale. Pa 1 Malichi onse anali ndi "mwezi umodzi ndi tsiku limodzi", chonsecho wamkulu anali atakhala masiku 32 ndipo wamng'ono masiku 29. Palibe walakwitsa, kungoti mwezi ndi muyeso wosinthasintha. N'chifukwa chake kwa makanda ndi bwino kuwerenga masiku kapena masabata. Katemera wa kusikelo wa masabata 6, 10 ndi 14 alibe vuto limeneli. Masabata 6 ndi masiku 42 nthawi zonse, ndipo kwa mwana wa pa 31 Januwale uja anakwanira pa 14 Malichi.

Msampha wina umadza pa mwezi wachiwiri. Munthu akafika pa 28 Febuluwale amaiwala komwe anachokera, n'kupitiriza 28 Malichi, 28 Epulo, ngati kuti mwanayo anabadwa pa 28. Akatero wamukalambitsa ndi masiku atatu. Mwezi uliwonse muziuyeza ndi deti lenileni lobadwa: miyezi iwiri ikwanira pa 31 Malichi, itatu pa 30 Epulo, inayi pa 31 Meyi. Choncho pa 30 Malichi mwanayo anali akadali ndi mwezi umodzi ndi masiku 30. Zikumveka zachilendo, koma n'zolondola.

Nanga wobadwa pa 30 Epulo, lomwenso ndi tsiku lomaliza la mwezi? Iyeyu alibe nkhani. Meyi ali ndi deti la 30, choncho mwezi wake ukwanira pa 30 Meyi, osati pa 31. Kubadwa pa tsiku lomaliza sikutanthauza kuti munthu azingotsata matsiku omaliza moyo wake wonse. Lamulo la tsiku lomaliza limagwira ntchito pokhapokha deti lake likasowa.

Obadwa pa 29 Febuluwale vuto lomweli limawapeza pa zaka. Tsikuli limabwera m'chaka chogawika ndi 4, kupatula zaka zothera ndi 00 zomwe sizigawika ndi 400. Choncho 2000 inali nalo, 1900 inalibe, ndipo 2100 sidzakhala nalo. Wobadwa pa 29 Febuluwale 2008 anakwanitsa zaka 16 pa tsiku lake lenileni mu 2024, koma zaka zake 18 zagwera mu 2026, chaka chopanda tsikulo. Zimakhala choncho poti 18 sagawika ndi 4. Mayiko amasiyana pa nkhaniyi: ku Hong Kong lamulo limati munthu wotere amakwanitsa zaka pa 1 Malichi, pamene ku New Zealand malamulo a malaisensi oyendetsera galimoto amatenga 28 Febuluwale. Ngati nkhani ili ya boma, funsani ofesi yomwe ikufuna msinkhuwo kuti ikutenga liti.

Kompyuta nayo musaikhulupirire mopitirira. Mu Excel anthu amagwiritsa ntchito `DATEDIF`, ndipo `"Y"` imapereka zaka, `"YM"` miyezi yotsala, `"MD"` masiku otsala. Eni ake a Microsoft amachenjeza kuti `"MD"` ikhoza kupereka nambala yolakwika kapena yochepera ziro, ndipo imapunthwa pa madeti a kumapeto kwa mwezi ngati omwewa. Kugawa masiku onse ndi 365 nakonso kumanamiza, chifukwa m'zaka 18 mumalowa ma 29 Febuluwale anayi kapena asanu, ndipo munthu amaoneka wakwanitsa zakazo kudakali masiku angapo. Musanadalire pulogalamu iliyonse yowerengera msinkhu, iyeseni kaye ndi 31 Januwale 2023 ndi 1 Malichi 2023. Ikapereka mwezi umodzi ndi tsiku limodzi, kapena mwezi umodzi ndendende, mwadziwa njira yomwe ikutsata. Ikapereka -2, masikuwo awerengeni nokha pa kalendala.