Momwe Kangaude wa M'masewero Apakompyuta Amapondera

Mayendedwe a kangaude wa m'masewero apakompyuta sajambulidwiratu. Pulogalamu imawawerengera pompo. Pafupi ndi mwendo uliwonse, pulogalamuyo imaponya mzere wosaoneka kulunjika pansi, ndipo pomwe mzerewo wagunda nthaka ndi pomwe phazi liyenera kuponda. Phazi limakhazikika mpaka thupi litalisiya patali, mwachitsanzo masentimita 40, kenako limanyamuka nkukatera pamalo atsopanowo.

Bondo limawerengedwa chobwerera. Podziwa pomwe pali chiuno ndi phazi komanso kutalika kwa mafupa awiri, masamu amapeza mapindikidwe ake, koma liyenera kuuzidwa kuloza kumwamba, apo ayi limapindikira m'nthaka. Miyendo yoyandikana isanyamuke pamodzi: inayi ikaponda, inayi inzake ndiyo imasuntha, kuti kangaude asaoneke ngati akuterereka.