Mau a Mbandakuca Ofikitsa Ng'ombe ku Dibu

Pa tsiku losambitsa ng'ombe, mthenga wa nyakwawa wodziwa nchito yace amaima pakati pa mudzi tambala waciwiri atalira, nafuula kamodzi kokha kuti: "Odi eni ng'ombe! Lero ndi la dibu. Dzuwa likamatuluka tikhale titafika. Ziyambe zamwa madzi kudambo."

Mau otsirizawo ndiwo amadzutsa anthu, pakuti aliyense adziwa kuti ng'ombe yaludzu imamwa mankhwala a m'dibu nidwala, ndipo kumwetsa kumadya nthawi. Wocedwa amakapeza dzuwa litakula, pamene ng'ombe zolema ndi kutentha siziyenera kulowa m'mankhwalamo.

Za amene anacedwa ulendo watha mthengayo sachula konse. Munthu wamkulu akacititsidwa manyazi pamaso pa ana ace, amayamba wakhala pansi mwadala kufunafuna fodya.