Kuona Ndi Manyutuloni Zimene Ekisireyi Saona

Maatomu a mu kirisitalo, monga mchere, amandandalika mobwerezabwereza. Mafunde aafupi akawombamo, amamwazikira kumbali zodziwika zokha, ndipo pachipangizo choyezera pamatuluka mizere. Malo a mizereyo amasonyeza kutalikirana kwa maatomu, pamene kuwala kwake kumasonyeza mtundu wa atomu ndi pamene yakhala. Ekisireyi wakhala akugwira ntchitoyi kuyambira mu 1912. Nawo manyutuloni, tizinthu topanda mphamvu ya magetsi topezeka m'phata mwa atomu, amayenda ngati mafunde. Akamathamanga mamita 2,200 pa sekondi, funde lawo limatalika nanomita 0.18, mlingo wofanana ndi mipata ya maatomu.

Ekisireyi amamwazidwa ndi maelekitironi, motero atomu ya maelekitironi ambiri ndiyo imaoneka bwino. Mtovu uli nawo 82, haidirojeni ali ndi imodzi yokha, ndipo kumufunafuna pambali pa chitsulo cholemera kuli ngati kufunafuna kuwala kwa koloboyi dzuwa likuswa mtengo. Ngakhale atapezeka, amaoneka posayenera, chifukwa elekitironi yakeyo imakokeredwa kwa atomu yoyandikana nayo. Mpata wa pakati pawo umaoneka waufupi ndi pafupifupi nanomita 0.01.

Nyutuloni imadutsa maelekitironi n'kukagunda phata, ndipo mmene phata limaimwazira sizitsatira kulemera kwa atomu. Pa muyeso wa akatswiri, okosijeni ali pa 5.8, mtovu pa 9.4, ndipo ditiriyamu, yemwe ndi haidirojeni wolemera, ali pa 6.7. Wopepuka ndi wolemera onse amaoneka. Komabe haidirojeni wamba amavutitsa, chifukwa amamwaza manyutuloni ambiri mwachisawawa moti mizere imamira m'chifunga. N'chifukwa chake nthawi zambiri amamusinthanitsa ndi ditiriyamu asanayeze. Umu ndi mmene S. W. Peterson ndi Henri Levy anachitira mu 1957 poyeza madzi oundana. Anapeza kuti pakati pa maokosijeni awiri pali malo awiri amene haidirojeni angakhale, ndipo onse amadzazidwa theka ndi theka, monga Linus Pauling anaganizira mu 1935.

Chopambana zonsezi n'chakuti nyutuloni payokha ndi kamaginito, choncho imamvanso maginito a maatomu amene ikudutsa. Katswiri wa ku France, Louis Néel, ananena kuti pali zinthu zimene maatomu ake ndi timaginito toloza mosinthanasinthana, kena uku kena uko, moti timafafanizana ndipo kunja chinthucho sichikoka chitsulo. Panalibe njira yoonera zimenezi mwachindunji kufikira mu 1949, pamene Clifford Shull ndi J. Samuel Smart anayeza ufa wa MnO, msakanizo wa manganizi ndi okosijeni, ku Oak Ridge m'dziko la America.

Anauyeza kawiri. Pa kutentha kwa m'nyumba anapeza mizere yogwirizana ndi kabokosi kobwerezabwereza ka nanomita 0.443, monga ekisireyi ananenera kale. Atauziziritsa kufika madigiri 193 pansi pa ziro, panatuluka mizere yatsopano, yamphamvu, yosonyeza kabokosi ka nanomita 0.885, kuwirikiza kawiri koyamba kaja. Maatomu sanasamuke. Chimene chinachitika n'chakuti timaginito ta manganizi tinaima mwadongosolo. Kwa ekisireyi, manganizi aliyense ndi wofanana ndi mnzake. Kwa nyutuloni, woloza kumanja ndi wosiyana ndi woloza kumanzere, motero iyenera kudutsa timabokosi tiwiri kuti ipezenso chofanana ndi poyambira. Kuunika kunasonyeza kuti manganizi amakhala m'mipanda yopingasa kabokosiko: mumpanda umodzi onse amaloza kumodzi, mumpanda wotsatira onse amatembenuka. Shull analandira mphotho ya Nobel mu 1994.

Mzere watsopano uliwonse si wa maginito ayi, mwina ndi zinyalala za mu ufa kapena kusuntha kwa maatomu. Wa maginito umadziwika potenthetsa: mu MnO umazilala n'kuzimiratu pa madigiri pafupifupi 155 pansi pa ziro, pamene kutentha kumasokoneza dongosolo lija. Umakhalanso wamphamvu pa mafunde opatuka pang'ono, n'kufooka msanga pa opatuka kwambiri, ndipo ekisireyi wamba sauona.

Malire a njirayi ndi aakulu. Manyutuloni okwanira amachokera ku ng'anjo za nyukiliya kapena makina akuluakulu, monga a ILL ku Grenoble, ISIS ku Britain, ndi SAFARI-1 ku Pelindaba ku South Africa. Ngakhale kumeneko amatuluka ochepa poyerekeza ndi ekisireyi, choncho pamafunika ufa wofika magalamu angapo ndi maola ambiri. Ufawo amauthira m'kachitini ka vanadiyamu, chitsulo chimene pachokha sichitulutsa mizere yooneka. Zinthu zokhala ndi kadimiyamu, boroni kapena gadoliniyamu zimameza manyutuloni, ndipo kuziyeza kumavuta. Pa chifukwa ichi akatswiri amayamba ndi ekisireyi kuti apeze maatomu olemera, kenako amapempha nthawi pa makina a manyutuloni kuti apeze opepuka ndi maginito.