Chithunzi chiti cha keke chikhale patsamba loyamba?

Wogula keke ya ukwati sailawa asanapereke ndalama. Amangoona chithunzi m'katalogi ya bekale, kaya yosindikizidwa kaya ya pa WhatsApp, n'kuloza kuti "ndikufuna ngati iyi." Choncho eni bekale odziwa ntchito amaika zithunzi pamndandanda poona zinthu zitatu: kusalala kwa keke, kugwirizana kwa mitundu ndi luso la wokongoletsa.

Kusalala ndiko kumayamba, ndipo kuyenera kulandira malikisi ochuluka, mwina 4 pa 10, zinazo 3 chilichonse. Woweruza amakulitsa chithunzi pafoni n'kuyang'ana m'mphepete mwa pamwamba ndi pansi, pomwe keke yakumana ndi bolodi. Nyenyeswa zikamaoneka mu aisingi, ndiye kuti wokongoletsa sanayambe wapaka kirimu wopyapyala n'kuika keke mufiriji kwa mphindi ngati 20 asanapake womaliza. Fondanti yong'aluka m'mphepete imaulula kuti inauma isanayalidwe. Pomwe kirimu wa batala wonyezimira ndi wofewa, makamaka m'nyengo yotentha ya Okutobala, amakhala kuti wayamba kusungunuka.

Pa mitundu m'pomwe ambiri amalakwira keke yosalakwa. Babu la m'nyumba lowala mwachikasu limasandutsa keke yoyera kukhala ngati yakhalitsa m'sitolo. Njira yodziwira ndi yapafupi: kuyang'ana mbale kapena nsalu yoyera yomwe ili m'chithunzimo. Nayonso ikachita chikasu, vuto ndi kuwala, ndipo keke ikadalipo ingojambulidwanso pafupi ndi zenera, magetsi atazimitsidwa. Koma ngati nsalu ili mbee, pamene pinki, girini ndi golide zikulimbirana malo, vutolo ndi la wokongoletsa.

Mwachitsanzo, patebulo pali zithunzi ziwiri. Choyamba ndi keke ya ukwati yosanjikiza katatu, yodzaza maluwa a shuga, koma yapakati yapendekeka pang'ono ndipo riboni ikubisa mng'alu. Ikupeza 2 pa kusalala, 3 pa mitundu ndi 2 pa luso, zonse pamodzi 7. Chachiwiri ndi keke imodzi yokha ya tsiku lobadwa, yamitundu iwiri, m'mbali mwake mowongoka, timikanda ta kirimu tofanana kukula kuzungulira pansi, dzina la mwana lolembedwa mosanjenjemera. Iyo ikupeza 4, 3 ndi 2, zomwe ndi 9. Yaing'onoyo ndiyo ipite patsogolo, ngakhale yaikuluyo inadya tsiku lonse.

Luso limaonekera pa zimene manja apanga. Zidole zapulasitiki ndi maluwa ogula, ngakhale zimakopa maso, sizionjezera malikisi.

Pali funso lina lomwe malikisi sayankha: kodi bekaleyo ingapangenso keke yomweyo Loweruka lodzaza maoda? Ngati anaikongoletsa ndi munthu amene anasiya ntchito, chithunzicho chichotsedwe m'katalogi ngakhale chitapeza 10, chifukwa wogula adzabwera nacho m'manja kudzayerekeza ndi keke yomwe wapatsidwa.