Mojulo ya m'khutu: kuphunzira minibasi ili pa liwiro

Ophunzira a maphunziro a kutali, monga a pa Mzuzu University ndi Domasi College of Education, ambiri ndi anthu a pantchito. Nthawi yomwe imawatsalira ndi ya m'minibasi, momwe chigongono cha mnzako sichilola kutsegula buku. Ena amangojambula mawu pa foni akuwerenga mojulo momwe ilili, koma pofika pasiteji m'mutu mulibe kanthu. Diso likaphonya limabwerera mzere wam'mwamba, pomwe khutu likaphonya zapita. N'chifukwa chake mojulo iyenera kulembedwanso isanajambulidwe.

Choyamba ndi masamu a nthawi. Wowerenga Chingerezi mosathamanga amatchula mawu pafupifupi 150 pa mphindi, choncho mojulo ya mawu 6,000 imadya mphindi 40. Ndi bwino kuidula m'zigawo zinayi za mphindi 10, chilichonse cha mutu umodzi, kuti kondakitala akasokoneza ndi nkhani ya chenji, womvera abwereze kachigawo kokhako.

Ntchito yeniyeni ili pa matebulo ndi manambala. Tinene kuti mojulo ya zaulimi ili ndi tebulo la kabzalidwe ka chimanga ka Sasakawa, ndipo palembedwa `75 cm x 25 cm x 1`, kenako 53,333. Kuwerenga zimenezi momwe zilili n'kungoponya manambala m'khutu. Wolemba waluso amayamba wachenjeza kuti pakubwera manambala atatu. Kenako amawapatsa mayina mmodzimmodzi: mizere italikirane masentimita 75, mapando masentimita 25, ndipo phando lililonse lilandire njere imodzi. Nambala yayitali ija amaifewetsa kuti mapesi opitirira pang'ono 53,000 pa hekitala, poti yeniyeniyo ikudikira m'buku. Asanachoke pamenepo, amawabwerezanso onse atatu m'chiganizo chimodzi.

Mawu ngati "onani chithunzi pamwambapa" amachotsedwa, pakuti m'khutu mulibe pamwamba kapena pansi. Mitu ing'onoing'ono imasanduka mawu olondolera: "Tathana ndi kabzalidwe, tsopano tikambe za feteleza." Chiganizo chomwe wowerenga sangachimalize ndi mpweya umodzi chimadulidwa pawiri. Mafunso a kumapeto kwa mutu amatsala, koma pambuyo pa funso lililonse pamakhala chete kwa masekondi asanu kuti womvera ayankhe chamumtima asanamve yankho.

Pali zina zomwe khutu silingasenze. Mapu, magirafu ndi masamu a masitepe ambiri amangotchulidwa nambala ya tsamba, kuti akaonedwe kunyumba.

Asanajambule, wolemba amawerengera mnzake chigawo chimodzi wailesi ikulira, n'kumufunsa mfundo zitatu zazikulu. Yomwe waiphonya imalembedwanso. Kujambulako kumachitika m'chipinda cha makatani ndi matilesi, zomwe zimameza phokoso lobwerera kuchokera m'makoma. Chigawo cha mphindi 10 chosungidwa ngati MP3 ya 64 kbps sichifika mamegabayiti asanu, kotero chimatumizika pa WhatsApp kapena pa Bluetooth kwa anzake a m'kalasi.