Kulembera Pulogalamu Yopanga Zithunzi Kuti Kumbuyo kwa Malonda Kuyere Mbee

Chithunzi cha malonda a pa intaneti chimafuna kumbuyo koyera kopanda chilichonse, kuti diso la wogula ligwere pa katundu yekha. Msika wa Amazon unachita kuika lamulo: chithunzi choyamba chikhale ndi kumbuyo kwa RGB 255, 255, 255, komwe ndi kuyera kotheratu pa kompyuta, ndipo katunduyo adzaze magawo 85 pa 100 a chithunzicho.

Vuto ndi lakuti pulogalamu yopanga zithunzi ikangouzidwa kuti "white background", kawirikawiri imatulutsa kumbuyo kotuwa. Sikuti yasokonezeka ayi. Inaphunzira pa zithunzi za m'masitudiyo enieni, momwe pepala loyera limaoneka lotuwa ngati silinawalitsidwe mokwanira. Nthawi zina imajambulanso mzere pomwe khoma lakumana ndi pansi, kapena kudetsa m'makona.

Wogulitsa nsapato zachikopa zofiirira, mwachitsanzo, amalowetsa chithunzi chenicheni cha nsapatozo n'kulemba motere:

```
Brown leather shoes, centered,
seamless pure white background (#FFFFFF),
even soft studio lighting,
faint contact shadow under the soles
```

Mzere wachiwiri ndiwo mutu wa nkhani. Ukupempha kumbuyo kopanda msoko, monga pepala lalikulu la ojambula lomwe limatsika kukhoma n'kupindikira pansi popanda kona, ndipo #FFFFFF ndi 255 zitatu zija polemba mwa njira ina. Mzere wachitatu ukufuna kuwala kofewa kofika ponseponse. Wachinayi ambiri amauiwala, chonsecho popanda kamthunzi kakang'ono kunsi kwake, nsapato zimaoneka ngati zikuuluka. Mthunziwo ukhale pomwe zagunda pansi pokha, chifukwa ukatalika umadetsa malo oyera aja.

Ndi bwino kutchula chimene chikufunika osati chosafunika. Mapulogalamu ena akaona "no table" amagwira mawu a tebulowo n'kulijambula. Midjourney ili ndi malo akeake a zokanidwa, omwe amayamba ndi `--no`.

Nambala ija sikuti pulogalamu imaitsatira ndendende, ndipo diso silodalirika pamenepa. Chithunzi chitsegulidwe mu GIMP kapena Photoshop, makona onse anayi ayezedwe ndi kachida kotola mtundu. Pakatuluka 243 kapena 248, ndiye kuti kumbuyoko n'kotuwa, ndipo patsamba loyera la msika chithunzicho chidzaoneka ngati chigamba. Kukonza kwake ndi kukweza kuwala kwa kumbuyo kokha mpaka pa 255, chikopa osachikhudza.

Katundu woyera kapena wagalasi, monga kapu yadothi kapena botolo, ndiye amavuta kwambiri, chifukwa m'mphepete mwake mumasungunukira kumbuyo. Apa m'malangizo muwonjezedwe "clearly defined edges". Pomaliza, chithunzi chiyerekezedwe ndi katundu weniweni. Ngati pulogalamu yasintha mtundu wa chikopa, msoko kapena zingwe, chithunzicho sichoyenera kupita pamsika, ngakhale kumbuyo kutayera bwanji.