"Ma" wa ku China: mayi, kavalo kapena kukalipira

M'Chimandarini, chiyankhulo chachikulu cha ku China, phatikizo lakuti "ma" limasintha tanthauzo malinga ndi mmene mawu akwerera kapena kutsikira polinena. Mukalinena ndi mawu okwera, osagwedezeka, mwatchula mayi. Mukayambira pakati n'kukweza, mwatchula chomera chimene amapotera zingwe. Mukatsitsa mawu kufika pansi n'kuwadzutsanso, ameneyo ndi kavalo. Mukayambira pamwamba n'kugwetsa mawu mwamphamvu, mwanena za kukalipira munthu. M'kalembedwe ka Pinyin, kamene boma la China linavomereza mu 1958, mawu anayiwa amalembedwa mā, má, mǎ ndi mà, ndipo kachizindikiro kali pamwambako kakujambula njira imene mawu akuyenda.

Kwa ife izi si zachilendo kwenikweni. Mtengo wobzala ndi mtengo wa katundu pamsika timausiyanitsa ndi kamvekedwe, ngakhale polemba sitisonyeza. Kusiyana kwake n'kwakuti m'Chimandarini pafupifupi phatikizo lililonse lili ndi kamvekedwe kakekake, kamene wophunzira ayenera kuloweza pamodzi ndi liwulo.

Katswiri wa ziyankhulo Chao Yuen Ren anakonza mu 1930 njira yoyezera kamvekedweka ndi manambala, 1 kukhala pansi penipeni, 5 pamwamba. Mayi ndi 55, chomera chija 35, kavalo 214, kukalipira 51. Makwerero amenewa ndi a mawu a munthu aliyense payekha. Bambo wa mawu a besi safunika kufika pamene pafika mwana, bola akwere ndi kutsika moyenera m'mawu akeake.

Amene amavutitsa ophunzira ndi kavalo uja. Pakati pa chiganizo, eni chiyankhulo nthawi zambiri sadzutsanso mawu, amangowasiya pansi. Wophunzira akalimbikira kukweza koma osayamba watsika mokwanira, womvera amamva chomera cha zingwe m'malo mwa kavalo. Komanso maphatikizo awiri a kamvekedwe kameneka akatsatana, loyambalo limasintha n'kukhala lokwera. N'chifukwa chake moni wolembedwa nǐ hǎo amamveka ngati ní hǎo.

Vuto lina limabwera pofunsa. Munthu wozolowera kukweza mawu kumapeto kwa funso amatha kusandutsa liwu lomalizalo kukhala lina. Chimandarini chili ndi njira yakeyake: chimaika "ma" wachisanu kumapeto, waufupi ndi wopepuka, amene ntchito yake ndi kusonyeza kuti ili ndi funso.

Ine ndimaona kuti amene amati kamvekedwe adzaphunzira pambuyo amadzilakwira. N'zoona kuti nkhani imene ikukambidwa imathandiza, ndipo palibe angaganize kuti mwakwera amayi anu popita kumunda. Koma pa malonda thandizo lotere limachepa, chifukwa mǎi ndi kugula pamene mài ndi kugulitsa, ndipo onse awiri amakhala pamalo amodzimodzi m'chiganizo. Ngati mukuphunzira Chimandarini, liwu lililonse latsopano mulilembe ndi kachizindikiro kake, ndipo mulinene mokweza mpaka khutu lizolowere.